Kusandutsa manotsi a kosi kukhala buku lanulanu lokonzekera mayeso a PMP

Munthu akamaliza maphunziro a maola 35 amene bungwe la Project Management Institute, PMI mwachidule, limafuna asanalembetse mayeso a PMP, opatsa satifiketi ya oyendetsa mapulojekiti, amatsala ndi mulu wa zinthu: kope lodzaza, zithunzi za pa bolodi zojambula pa foni, masilaidi a aphunzitsi ndi timapepala ta ntchito za m'magulu. Ambiri amauwerenga muluwo kuyambira tsamba loyamba kufika lomaliza, kawiri kapena katatu, kenako n'kudabwa kuti mafunso oyeserera akuwazunguza mutu. Chifukwa chake n'chakuti manotsi amatsata mmene aphunzitsi anagawira masiku awo, pomwe mayeso ali ndi ndondomeko yawoyawo. Komanso manotsi amalongosola kuti chinthu n'chiyani, pomwe mayeso amakuikani pakati pa vuto la pa pulojekiti n'kukufunsani chimene mungachite poyamba. Ndiye ntchito ili apa ndi yophwasula manotsiwo n'kuwamanganso motsata mayeso.

Malangizowa atengera PMP. Amene mukukonzekera CAPM kapena PRINCE2 njira yake ndi yomweyi, kungoti chikalata chotsogolera ndi china.

Choyamba: pezani chikalata cha eni mayeso

Musanatsegule kope, lowani pa webusayiti ya PMI n'kutenga chikalata chotchedwa `Examination Content Outline`. N'chaulere ndipo si chachitali. Chisindikizeni pa pepala, ngakhale zitafunika kupita pa Chitakale kapena ku Luchenza kukafuna makina osindikizira, chifukwa muzilembamo ndi cholembera tsiku ndi tsiku.

Chikalata chimene chinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021 chinagawa mayeso patatu. Gawo la `People`, lokhudza kutsogolera anthu, linatenga 42 pa 100 ya mafunso. La `Process` linatenga 50. La `Business Environment` linatenga 8. Pansi pa magawowo panali ntchito 35 zimene mtsogoleri wa pulojekiti ayenera kudziwa kuchita: 14, 17 ndi 4. Chinanenanso kuti pafupifupi theka la mafunso ndi la mapulojekiti okonzeratu zonse pachiyambi, theka linalo la njira ya `agile`, yokonza ndi kuchita ntchito pang'onopang'ono m'zigawo zazifupi, ndi yosakaniza ziwirizi. PMI imasintha chikalatachi pakapita zaka zingapo, magawo ndi kulemera kwake n'kusinthanso, choncho onetsetsani kuti mwatenga chimene chidzagwire ntchito pa tsiku lanu lolemba, osati chimene mnzanu anagwiritsa ntchito dzana. Zitsanzo za muno zatengera cha 2021.

Mndandanda wa ntchitowu ndiwo mitu ya buku lanu. Mitu ya aphunzitsi isiyeni, ngakhalenso mitu ya PMBOK, buku la PMI la kayendetsedwe ka mapulojekiti, chifukwa mafunso samachokera m'buku limodzi lokhalo.

Chachiwiri: ikani manambala, kenako gawani

Sonkhanitsani zonse pamodzi ndipo tsamba lililonse mulipatse nambala pakona. Masamba a m'kope akhale K1, K2, K3. Masilaidi akhale S1, S2. Zithunzi za pa foni muzisamutsire m'foda imodzi n'kuzitcha F1, F2. Ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo amene amaidumpha amadzataya nthawi yambiri akufunafuna "paja pamene aphunzitsi ananena za makontirakitala".

Tsopano tengani kope latsopano lachikuto cholimba, la masamba osachepera 96, n'kupatsa ntchito iliyonse ya m'chikalata masamba awiri oyang'anizana. Ntchito 35 zitenga masamba 70, otsalawo mudzawafuna patsogolo. Pamwamba pa tsamba lakumanzere lembani dzina la ntchitoyo ndendende mmene lilili m'chikalata. Amene muli ndi laputopu mungachite zomwezi m'fayilo, koma kumbukirani za kuzimazima kwa magetsi. Kope silidikira chaja. Ngati mwasankha pepala, lembani ndi bolopeni, osati cholembera cha inki yamadzimadzi, ndipo kopelo lizikhala m'jumbo. Chinyezi cha chiperoni chimafalitsa inki.

Kenako dutsani m'manotsi akale ndi pensulo. Apa simukuwerenga kuti mumvetse, mukungosankha. Pa ndime iliyonse dzifunseni kuti ikuthandiza ntchito iti, lembani nambala ya ntchitoyo m'mbali mwa ndime, ndipo m'kope latsopano lembani nambala ya tsambalo pansi pa mutu wake. Mwachitsanzo, pansi pa `Manage project changes` pangakhale K31, K32, S88 ndi F14. Ndime ina imalowa pawiri. Ina silowa paliponse, monga mbiri ya mmene luso loyendetsa mapulojekiti linayambira kapena nthabwala ya aphunzitsi. Ipatseni mtanda, musaikopere.

Mukamaliza, tsegulani kope latsopano tsamba ndi tsamba. Mupeza mitu ina ili ndi manambala khumi, ina iwiri, ina ilibe ndi imodzi yomwe. Kawirikawiri zodzaza zimakhala za ndandanda ya nthawi ndi bajeti, chifukwa n'zosavuta kuphunzitsa pa bolodi, pomwe zopanda kanthu zimakhala za kuthetsa mikangano, kukambirana mapangano, kutsogolera timu imene anthu ake ali kutali ndi kutali, ndi za `agile`. Mitu yopanda kanthuyo ndiyo phindu lalikulu la sitepe imeneyi. Mukanangowerenga manotsi mobwerezabwereza simukanadziwa kuti mulibe. Ilembeni pa tsamba lomaliza ngati mndandanda wa zofunika kukafufuza kwina, ndipo muyambe ndi ya m'gawo lolemera kwambiri.

Chachitatu: musakhulupirire dzanja lanu

Manotsi olembedwa mothamanga, nthawi zina pa kosi ya pa intaneti netiweki ikudukaduka, amakhala ndi zolakwika. Zoopsa kwambiri ndi zazing'ono: fomula yotembenuzidwa, monga kulemba `PV - EV` pamene pafunika `EV - PV`, kapena mawu awiri ofanana osinthanitsidwa. Cholakwika chikalowa m'buku latsopano muchiloweza bwinobwino. Choncho fomula iliyonse ndi tanthauzo lililonse muziyerekeze ndi buku lodalirika musanakopere, ndipo chimene mwatsimikiza muchiike chizindikiro.

Onaninso kuti aphunzitsi ankatsamira pa PMBOK iti. Yachisanu ndi chimodzi, ya 2017, inasanjidwa pa njira 49 m'magawo 10 a chidziwitso ndi magulu 5. Yachisanu ndi chiwiri, ya 2021, inasiya kusanja kotero n'kubwera ndi mfundo 12 ndi madera 8 a kagwiridwe ka ntchito. Ngati m'manotsi mwanu muli masamba ambiri a mindandanda ya zolowa, zida ndi zotuluka za njira 49 zija, musawononge masabata mukuikopera yonse. Chofunika ndi kudziwa kuti chikalata chakuti chimabadwa liti, amachisunga ndani, ndipo mumachitsegula pakachitika chiyani.

Chachinayi: lembani mutu uliwonse mwatsopano

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Pa mutu uliwonse werengani masamba onse amene munawalozera, tsekani kope lakale, ndiyeno lembani kuchokera m'mutu. Mukakopera mukuyang'ana, dzanja limagwira ntchito mutu uli mtulo. Mukatha kulemba tsegulani, onani zimene mwasiya, n'kuziwonjezera ndi cholembera cha mtundu wina kuti zidzaoneke kuti ndi pamene pamakuthawani.

Tsamba lakumanzere likhale la mfundo, zosapitirira theka la tsamba, ndi mawu osokonezana pansi pake. Lakumanja likhale la nkhani imodzi yochokera ku ntchito imene mumaidziwa, yotsatiridwa ndi mafunso atatu kapena anayi, mayankho ake mutawabisa pansi popinda pepala. Kufotokoza lembani m'chilankhulo chimene mumaganizira, koma mayina a zinthu asiyeni mmene adzaonekere pa kompyuta tsiku la mayeso.

Tiyeni tione mutu umodzi wonse, wa `Plan and manage budget and resources`. Manotsi a m'kalasi nthawi zambiri amangokhala ndi mafomula ondondozana opanda nkhani. Kumanzere lembani ochepa okha amene ena onse amachokerako:

```
CV  = EV - AC
SV  = EV - PV
CPI = EV / AC
SPI = EV / PV
```

Pansi pake lembani m'mawu anu: PV ndi mtengo wa ntchito imene inayenera kukhala itatha pofika lero, EV ndi mtengo wa ntchito imene yathadi poiwerengera pa mitengo ya m'bajeti, AC ndi ndalama zimene zatulukadi. CV ndi CPI zimayeza za ndalama, SV ndi SPI za nthawi. Onjezani mzere umodzi woteteza ku kutembenuza kuja: EV imayamba nthawi zonse, yankho lochotsera likakhala pansi pa 0, kapena logawa likakhala pansi pa 1, zinthu sizili bwino.

Kumanja ikani nkhani. Tiyerekeze kuti mukuyala mapaipi a madzi oyenda okha kuchokera m'mphepete mwa phiri la Mulanje kupita kumidzi ya m'munsi, mtunda wa makilomita 10, m'masabata 10, pa bajeti ya K60 miliyoni. Bajeti yonseyo ndiyo BAC. Kuti masamu asavute, tinene kuti kilomita iliyonse ndi K6 miliyoni ndipo pulani ndi kilomita imodzi pa sabata. Sabata yachinayi yatha, mwayala makilomita 3 okha, ndipo akauntanti akuti zatuluka K20 miliyoni.

```
PV  = 4 x 6   = 24
EV  = 3 x 6   = 18
AC  = 20
CV  = 18 - 20 = -2
SV  = 18 - 24 = -6
CPI = 18 / 20 = 0.90
SPI = 18 / 24 = 0.75
```

Musalekere pa manambala. Lembani chiganizo chimene mungauze abwana: pa K100 iliyonse imene tawononga tapeza ntchito ya K90, ndipo tachita magawo atatu mwa anayi a ntchito imene inayenera kutha. Kenako lembani msampha wake. Munthu wosazindikira amaona kuti pulani inati K24 miliyoni, zatuluka K20 miliyoni, n'kusangalala kuti wasunga K4 miliyoni. Sanasunge kanthu. Ndalama zatuluka zochepa chifukwa ntchito yachedwa, ndipo yochepa imene yachitikayo yadula kuposa mtengo wake. Kuyerekeza AC ndi PV osadutsa pa EV ndiko kulakwa kumene funso la mayeso lingakutchereni, ndipo n'komwenso kumachitika m'malipoti ambiri a ku ofesi.

Funso lachiwiri pa tsambalo likhale la kulosera mtengo womaliza, EAC. M'manotsi mungapezeke mafomula angapo a EAC opanda kunena kuti iti imagwira liti, ndipo apa ndi pamene buku lanu liyenera kuposa manotsi. Gwiritsani ntchito nkhani yomweyo kawiri. Ngati kudulako kwabwera chifukwa nthaka ya njira yonse ndi yamiyala ndipo zipitirira choncho mpaka kumapeto, mtengo wonse ukwera pa mlingo womwewo. Ngati kwabwera chifukwa mvula yamphamvu inakwirira ngalande kamodzi, mwakumbanso, ndipo kutsogoloku mitengo ibwerera mwakale, ndiye mumangowonjezera ntchito yotsala pa zimene zatuluka kale.

```
EAC = BAC / CPI       = 60 / 0.90      = 66.7
EAC = AC + (BAC - EV) = 20 + (60 - 18) = 62
```

Kusiyana kwake ndi pafupifupi K4.7 miliyoni, ndipo chosankhitsa si masamu koma chiganizo chimodzi cha m'nkhani, chonena ngati vutolo n'lopitirira kapena la kamodzi. Pafupi ndi fomula iliyonse lembani chizindikiro chimenecho: "miyala, zipitirira" ndi "mvula, kamodzi". Mukadzaiwala fomula mudzakumbuka ngalande.

Pa mawu osokonezana a mutu womwewu, ikani `contingency reserve` ndi `management reserve` moyang'anizana. Yoyamba ndi ndalama zosungira ziopsezo zimene munaziona kale n'kuzilemba, ndipo ili mkati mwa `cost baseline`, bajeti yovomerezedwa imene mumayezerapo ntchito. Yachiwiri ndi ya zosayembekezereka zimene palibe anazilemba, ili kunja kwa `cost baseline`, ndipo kuti muigwiritse ntchito pamafunika chilolezo cha akuluakulu. M'nkhani yathu, ngati mvula inali italembedwa kale mu `risk register`, monga ziyenera kukhalira kwa aliyense wokumba ku Mulanje m'dzinja, kukumbanso ngalande kulipiridwa ndi yoyamba ija.

Pamene ntchito yanu ndi mayeso zimasemphana

Mitu ina ilibe masamu, ndipo kumeneko chimagwetsa anthu odziwa ntchito ndi chizolowezi chawo chomwe. Tengani `Manage project changes` pa pulojekiti yomweyi. A mfumu abwera kudzapempha kuti muwonjezere mpopi umodzi pafupi ndi sukulu, mamita 300 kuchoka pa mzere. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ambiri amavomera pomwepo kuti ubale usawonongeke, kapena amaimbira foni abwana kuti agamule. Mwa mayankho anayi a funso, awiriwa angapezekemo, ndipo onse ndi olakwika. Dongosolo limene mayeso amayembekezera pa pulojekiti yokonzeratu ndi lakuti mumvetse pempholo, muone mmene likhudzire mtengo, nthawi ndi mphamvu ya madzi pa mipopi ina, mulilembe ngati `change request`, lipite kwa amene ali ndi mphamvu yovomereza malinga ndi pulani yanu, kawirikawiri `change control board`, ndipo likavomerezedwa musinthe mapulani n'kudziwitsa onse okhudzidwa musanakumbe.

Pa tsamba lotere jambulani mzere pakati. Mbali ina lembani "zimene timachita kuntchito", mbali inayo "zimene mayeso amafuna". Sikuti za kuntchito n'zopusa ayi, nthawi zambiri zili ndi zifukwa zake, koma mukapanda kuzilemba poyera dzanja lidzazisankha lokha nthawi ikakupanikizani.

Pansi pake onjezani mzere wachitatu: bwanji ikanakhala pulojekiti ya `agile`? Tinene kuti kampani ya tiyi ku Thyolo ikupangitsa pulogalamu ya pa foni yolembera makilogalamu a masamba amene alimi ang'onoang'ono abweretsa pa sikelo, ndipo kalaliki wapempha kuti iziwonetsanso ngongole ya feteleza. Kuno kulibe komiti yovomereza kusintha kulikonse. Pempho limapita kwa `product owner`, iye amaliika mu `product backlog` n'kuona kuti likhale patsogolo kapena pambuyo pa zina. Vuto ndi limodzi, mayankho ndi awiri, ndipo funso limakuuzani mtundu wa pulojekiti m'mawu ochepa oyambirira. Mutu uliwonse wa gawo la `Process` uyenera kukhala ndi mzere wachitatu umenewu. Ngati manotsi anu alibe chokuthandizani kuulemba, umenewo ndi mpata wina wolowa pa mndandanda wa tsamba lomaliza.

Mitu iwiri kapena itatu pa tsiku ndi yokwanira kwa munthu amene ali pa ntchito, ndiye kope lonse limatenga masabata awiri kapena atatu. Amene mumagwira m'maesiteti a tiyi mukudziwa kale kuti miyezi ya mvula, masamba akachuluka, simufika kunyumba ndi mphamvu zowerengera. Ntchito yolembayi ikonzereni m'miyezi yozizira.

Chachisanu: mafunso oyeserera alikonze bukulo

Buku limene silinayesedwe ndi mafunso silinathe. Mukamaliza gawo limodzi, yankhani mafunso 20 kapena 30 a gawo limenelo kuchokera kwa aphunzitsi anu kapena kwina kovomerezeka. Pewani mafayilo oyenda pa WhatsApp amene amati ndi mafunso enieni obedwa ku mayeso. Kuwagwiritsa ntchito n'kuphwanya malamulo a PMI, ndipo mayankho ake palibe amene amawatsimikizira.

Masamba otsala kumapeto kwa kope aja akhale a zolakwa. Funso lililonse limene mwalakwa, ngakhalenso limene mwakhoza mongolota, lipatseni mzere umodzi: nambala ya mutu, chimene munasankha, chimene chinali cholondola, ndi chifukwa. Zifukwa zimakhala za mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake. Ngati simunadziwe mfundoyo, bukulo lili ndi mpata, kawonjezereni pa tsamba lakumanzere. Ngati munasokoneza zinthu ziwiri, monga kulemba mu `risk register` chinthu chimene chachitika kale pomwe malo ake ndi `issue log`, onjezani awiriwo pa mawu osokonezana. Ngati munaidziwa koma munawerenga mothamanga, osaona kuti funso likufuna chochita choyamba osati chochita chabwino koposa, bukulo lilibe mlandu ndipo musaliwonjezere kanthu. Chofunika ndi kuzolowera kuwerenga chiganizo chomaliza cha funso musanayang'ane mayankho.

Pakatha sabata, werengani mizereyo potsata nambala ya mutu. Mutu umene ukuwoneka kanayi kapena kasanu ulembeninso wonse ndi nkhani ina, chifukwa nkhani yoyambayo sinagwire.

Pobwereza, musamawerenge tsamba lakumanzere poyamba. Yambani ndi mafunso akumanja, yankhani mokweza kapena pa pepala, kenako onani. Mutu watsopano ubwerezeni mawa lake, kenako pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata, ndipo lembani madeti pakona kuti musadzinamize. Nthawi muigawe motsata kulemera kwa magawo. Pa chikalata cha 2021, maola 10 a pa sabata akanagawika pafupifupi 4 ku `People`, 5 ku `Process` ndi 1 ku `Business Environment`. Ngati muli awiri kapena atatu okonzekera limodzi, wina ku Bvumbwe wina ku Limbuli, tumiziranani zithunzi za masamba akumanja okha. Mafunso a mnzanu amakuyesani bwino, koma mfundo zolemba mnzanu sizikhala m'mutu mwanu.

Masabata awiri omaliza

Lekani kuwonjezera zatsopano. Kuchokera m'kope lonse tulutsani masamba awiri okha: limodzi la mafomula ndi zizindikiro zake, lina la mawu osokonezana amene akupezekabe m'zolakwa zanu. Yesani kuwalemba onse awiri osayang'ana mpaka zitatheka m'mphindi 10. Ku mayeso simulowa ndi pepala lililonse, choncho zimene sizikutuluka m'mutu pa nthawiyi ndizo zofunika kubwereza.

Lembaninso mayeso oyeserera athunthu kamodzi kapena kawiri mutakhala pansi ndi wotchi. Mayeso otsata chikalata cha 2021 anali ndi mafunso 180 m'mphindi 230, kutanthauza masekondi pafupifupi 76 pa funso, ndi nthawi zopuma ziwiri, iliyonse ya mphindi 10. Onani manambala a chikalata chanu n'kugawa chimodzimodzi. PMI silengeza malikisi okhozera, imangoonetsa mmene mwachitira pa gawo lililonse ndi mawu ngati `Above Target`, `Target` ndi `Below Target`, ndiye zotsatira za mayeso oyeserera muziwerengenso gawo ndi gawo, osati chiwerengero chonse pamodzi. Gawo limene latsalira, bwererani ku masamba ake akumanja ndi ku mizere yake ya zolakwa, ndipo masiku otsalawo apite kumeneko.